Dzina loti mwana wotumidwa kuokala asaliiwale panjira: kasankhidwe ka dzina ndi chizindikiro cha bizinesi ya mtauni ndi kumudzi

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kukonza timapepala tomata pa katundu kuno ku Zomba. Anthu ambiri akamabwera kwa ine amakhala atasankha kale dzina, atalilemba pa kapepala, ndipo chimene amafuna n'chakuti ndingowauza mtengo wa penti. Nthawi zambiri ndimawapempha kuti ayambe abwerera kaye kwa sabata ziwiri. Penti ikapakidwa, mapaketi akasindikizidwa, kusintha dzina kumadya ndalama kawiri, ndipo makasitomala amene anayamba kukuzolowerani amasokonezeka.

Ndifotokoza njira imene ndimatsata pogwiritsa ntchito nkhani ya alamu anga. Iwo amakazinga soya ndi chimanga, kugayitsa pamodzi ndi nsinjiro, n'kupanga ufa wa phala. Msika wawo uli pawiri. Mtauni amagulitsa mapaketi a kilogalamu imodzi m'magolosale a ku Matawale ndi Chinamwali komanso kwa anthu a m'maofesi amene amaitanitsa pafoni. Kumudzi amatumiza timapaketi ta magalamu 100 m'maokala a ku Jali, Mayaka, Thondwe ndi Songani. Ufa ndi womwewo, koma ogula awiriwa sakumana ndi dzina m'njira imodzi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Munthu wa mtauni dzina amaliona. Amaliwerenga pa shelefu, pa foni, pa lisiti. Kumudzi dzina limayenda pakamwa. Mayi amatuma mwana kuokala, mwana amanyamula dzinalo m'mutu mtunda wonse, wa okala amalimva, ndipo katundu akatha amauza wa kabaza kuti akamutengere wina mtauni. Dzinalo ladutsa pakamwa pa anthu anayi popanda ndi mmodzi yemwe kuona pamene linalembedwa. Likakhala lalitali kapena lolemera palilime, anthu salimbana nalo ayi, amangolitaya n'kupatsa katundu wanu dzina lawolawo, potengera chithunzi kapena mtundu wa paketi. Amati "la paketi yofiira lija" kapena "la kamwana lija". Tsiku limene wina adzabweretse paketi yofiira yotsika mtengo, makasitomala anu apita ndipo sadziwa n'komwe kuti asintha.

Choncho lamulo limene ndimagwirira ntchito ndi limodzi: dzina ndi chithunzi zizinena chinthu chimodzi. Wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa akayang'ana paketi atchule mawu ofanana.

Yambani ndi kulemba pamene dzinalo lidzaonekere

Musanaganize za dzina lililonse, tengani pepala mulembe malo onse amene dzinalo lidzakhale m'chaka choyamba. Alamu analemba kapaketi kakang'ono, paketi yaikulu, khoma la nyumba yopangiramo ufa, chidindo cha malisiti, chithunzi cha pa WhatsApp, bokosi la kumbuyo kwa njinga, ndi uthenga wolengeza pa chimkuzamawu tsiku la msika. Kenako chongani malo aang'ono kwambiri ndi malo akutali kwambiri. Kwa iwo laling'ono linali kapepala ka masentimita 6 mulifupi ka pa kapaketi, lakutali linali khoma loonekera kumsewu. Dzina ndi chizindikiro zikakwana pa malo awiri amenewa, kwina konseko zikwana zokha.

Sonkhanitsani mayina ambiri, kenako muwapete

Dzina limene alamu anabwera nalo linali la mawu asanu: dzina la mwana wawo woyamba, lotsatidwa ndi mawu achingerezi onena za zakudya zopatsa thanzi ndi malonda osiyanasiyana. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amakonda mayina otere. Amaoneka aulemu pa kalata yopita kubanki, ndipo amasiya khomo lotsegula kuti mawa mutha kugulitsanso simenti. Koma yendani kuchokera pa depoti kukafika ku Mpondabwino muwerenge zikwangwani zoyamba ndi Chisomo, Madalitso, Tiyanjane ndi Chikondi. Ndi mayina okoma, koma ali ndi eni ake ambirimbiri. Wa kabaza mukamuuza kuti apite kwa Chisomo akufunsani kuti Chisomo wake uti.

Pali njira yosavuta yosungira zonse ziwiri. Dzina lolembetsa kuboma litha kukhala lalitalilo, la pa makalata ndi kubanki. Dzina la katundu, la pakamwa pa anthu, likhale lina, lalifupi. Taonani mayina amene anakhazikika m'dziko muno: Sobo, Chombe, Kukoma, Chibuku, Mpamba. Onse ndi liwu limodzi lotha kutuluka ndi mpweya umodzi. Sobo anakhazikika mpaka anthu amatchula chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi kuti sobo.

Tinakhala pakhonde madzulo awiri n'kulemba mayina 30 osakana lililonse. Ndinawauza kuti aziyang'ana zinthu zogwirika za pa ntchito yawo: ziwiya za kukhitchini, mbewu, mbalame, mitengo, nthawi ya tsiku. Mawu monga thanzi, mphamvu ndi chitukuko ndi abwino koma alibe thupi, simungawajambule. Popeta tinafunsa mafunso atatu pa dzina lililonse. Kodi lingajambulidwe ndi mzere umodzi mwana n'kulizindikira? Kodi lilipo kale pa katundu wina wa mtundu womwewu? Kodi likutsekera kunja gulu lina la ogula?

Funso lachitatuli n'lofunika kwambiri m'boma lathu lino. Ku Zomba kuli Anyanja, Ayao ndi Alomwe, kuli Akhristu ndi Asilamu, ndipo onsewa amagula pa okala imodzi. Dzina lotengedwa m'vesi kapena lomveka la mpingo wina limauza ena kuti katunduyu si wawo, ngakhale inu simunafune kutero. Chimodzimodzi dzina la mtundu wa anthu. Komanso liwu labwinobwino m'Chichewa litha kumveka ngati mawu ochititsa manyazi m'chiyankhulo china, ndipo inu simungadziwe pokhapokha mutafunsa mwini chiyankhulocho. Safunsa anadya phula. Pezani munthu wachikulire wolankhula Chiyao ndi wina wolankhula Chilomwe, muwatchulire mayina anu mokweza, muziyang'ana nkhope zawo. Akamwetulira mobisa, funsitsani.

Pa mayina 30 aja panatsala atatu: Mulunguzi, Mbandakucha ndi Mthiko.

Kuyesa dzina pakamwa

Gawo ili ndi limene anthu amalumpha, koma ndi limene limapulumutsa ndalama. Musafunse abale anu kuti dzina lokoma ndi liti, chifukwa adzasankha limene akuona kuti inu mwalikonda. Chimene mukufuna kudziwa si kukoma kwa dzina koma ngati lingayende lokha.

Chitani chonchi. Sankhani anthu 20, khumi mtauni, khumi kumudzi, ndipo pakhale amayi achikulire, achinyamata, eni maokala ndi a kabaza. Munthu aliyense mumuuze dzina limodzi lokha, kamodzi kokha, mkati mwa macheza wamba: "Ndikuyamba kugulitsa ufa wa phala, dzina lake ndi lakutilakuti." Musamuonetse polemba. Chezani nkhani zina, za mvula, za mtengo wa feteleza. Mawa lake kapena mkuja mumufunse: "Kodi ufa uja ndinati dzina lake ndi chiyani?" Lembani ndendende chimene wayankha, ngakhale chikhale cholakwika, chifukwa kulakwitsa kwakeko ndi kumene kukuuzani mmene dzinalo lidzapindikire pamsika.

Kachiwiri, tumani mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kwa mnansi wokhala patali pang'ono kuti akanene dzinalo. Kachitatu, imbirani munthu foni muli pakati pa phokoso la msika, mumutchulire dzinalo, iye alilembe mu uthenga n'kukutumizirani.

Mulunguzi anakumbukika bwino mtauni, pakuti aliyense amadziwa mtsinje ndi damu la paphiri pamene pamachokera madzi athu. Koma anthu angapo anaganiza kuti ndi madzi a m'botolo kapena malo ogona alendo, ndipo ku Mayaka dzinalo linamveka ngati la katundu wa anthu a mtauni. Palinso vuto lina ndi mayina a malo: si anu nokha, aliyense wa m'deralo ali ndi ufulu wonena kumene katundu wake akuchokera, choncho n'kovuta kuletsa wina kuligwiritsa ntchito. Mbandakucha linakondedwa ndi ambiri pa tsiku loyamba, chifukwa phala ndi la mmawa. Koma mawa lake ena anati Kwacha, ena anati Mmawa, wina anati Tambala. Tanthauzo analigwira, liwu lenilenilo linawapulumuka. Ndipo mukati mujambule mbandakucha mujambula dzuwa lotuluka, lomwe lili pa mbendera ya dziko, kapena tambala, yemwe aliyense amadziwa kuti ndi chizindikiro cha chipani cha Kongeresi.

Mthiko sunaiwalike. Mayi wina wachikulire wa ku Jali, alamu atamufunsa mawa lake, anayankha akupeta mpunga osadzutsa n'komwe mutu: "Si nthiko uja, mwanawe? Wabwera nawo?" Onani kuti iye anati nthiko, monga ambiri amatchulira kuno. Pa mauthenga a foni ena analemba Mthiko, ena Nthiko, wina Ntiko. Izi sizinatidetse nkhawa, chifukwa onsewa akuloza chinthu chimodzi ndipo wa okala sangasokonezeke. Kupindika koopsa ndi kumene kumasandutsa dzina kukhala liwu lina, monga zinachitikira Mbandakucha.

Fufuzani ngati dzinalo lilibe mwini musanagule penti

Dzina likapambana mayeso, musathamangire kwa wosindikiza. Yendani kaye m'mashopu akuluakulu a mtauni ndi mumsika waukulu muone mashelefu a katundu wofanana ndi wanu. Lilembeni pa Facebook ndi pa Google m'kalembedwe kake konse. Kenako pitani ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, kapena pa makina ake a pa intaneti, mukafufuze ngati dzinalo silinatengedwe. Pitani ndi mayina awiri kapena atatu, kuti loyamba likakanidwa musayambirenso pachiyambi.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Satifiketi ya bizinesi imakuthandizani kutsegula akaunti kubanki, kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi laisensi ya kukhonsolo. Koma chimene chimakupatsani mphamvu zoletsa wina kumata dzina ndi chithunzi chanu pa paketi yake ndi kulembetsa chizindikiro, pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018. Chitetezo chake chimakhala zaka 10 ndipo mumachiwonjezera zikatha. Katundu anagawidwa m'magulu 45, ndipo mumalembetsa m'gulu la katundu wanu. Ufa ndi zopangidwa kuchokera ku mbewu monga chimanga zili m'gulu 30. Dzina longofotokoza katundu, monga Phala Labwino, silitetezeka, chifukwa aliyense wophika phala ali ndi ufulu wonena kuti lake ndi labwino. Ichi ndi chifukwa chinanso chosankhira dzina la chinthu chogwirika chosakhala katundu weniweniyo.

Pewaninso mbendera ya dziko ndi chidindo cha boma pa chizindikiro chanu. Pali lamulo loteteza zimenezi pamodzi ndi mayina ena okhudza dziko, ndipo simungazigwiritse ntchito pa malonda popanda chilolezo.

Chithunzi

Dzina likakhala chinthu chogwirika, theka la ntchito yojambula latha kale. Chithunzi cha alamu ndi mthiko umodzi woimirira mopendekeka pang'ono, wodzaza ndi mtundu umodzi, wopanda mithunzi. Poyamba iwo ankafuna kuti pakhalenso chitsononkho cha chimanga, nyemba za soya, mbale yofuka nthunzi ndi kamwana konenepa. Ndinawakaniza chimodzichimodzi. Chimanga chili kale pa zizindikiro zambiri, kuphatikizapo cha chipani cha DPP. Nyemba za soya zikachepetsedwa kufika pa kapaketi zimangooneka ngati madontho a inki. Kamwana ndiye ndinakana kwamtuwagalu. Phala limeneli amamwa ana asukulu, odwala ndi akuluakulu opita kumunda, ndipo chithunzi cha khanda chingawauze onsewa kuti si lawo. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi wina angaone khandalo n'kuyamba kumwetsa mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, pamene achipatala amalangiza kuti mwana wa msinkhu umenewo aziyamwa bere lokha.

Chithunzi chiyeseni katatu. Choyamba, chijambuleni pa fotokope yakuda ndi yoyera n'kuchichepetsa mpaka kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati chikuzindikirikabe, chidzakwana pa chidindo ndi pa chithunzi chozungulira cha WhatsApp, chomwe chimadula ngodya zonse zinayi. Chachiwiri, bisani dzina ndi dzanja muonetse anthu chithunzi chokha, muwafunse kuti ichi n'chiyani. Mthiko wathu woyamba anthu anayi mwa khumi anati ndi supuni, wina anati ndi nkhafi ya bwato, ndipo kufupi ndi nyanja ya Chilwa nkhafi si chinthu chachilendo. Ndinabwerera kukhitchini ya alamu n'kutenga mthiko weniweni, wakuda kunsonga chifukwa cha utsi, wolengula mbali imodzi pamene umakhudza poto. Ndinaugoneka pa pepala n'kuzunguliza pensulo. Mutu wake ndi wophwatalala ndi wocheperapo kuposa mmene ndinkaganizira, mpini wake ndi wautali ndi wonenepa. Nditakonza motero, anthu asanu ndi anayi mwa khumi anati mthiko. Chachitatu, pemphani munthu wosadziwa kujambula achijambule pansi ndi kamtengo atachiona kamodzi. Ngati angathe, wolemba zikwangwani aliyense wa ku Chingale kapena ku Domasi adzathanso, ndipo chizindikiro chanu sichidzasintha nkhope mudzi ndi mudzi.

Mitundu

Kuno kwathu mtundu uli ndi mwini. Wachikasu anthu amaona UDF, wabuluu amaona DPP kapena timu ya Wanderers, wa olenji amaona PP, wofiira amaona UTM, Bullets kapena Airtel, wobiriwira amaona TNM, ndipo wakuda, wofiira ndi wobiriwira pamodzi amaona Kongeresi. Mtauni anthu ambiri sazitengera, koma kumudzi, makamaka chaka cha chisankho, khoma lopakidwa mtundu umodzi wa chipani limalankhula. Ndinaziona ndi maso anga zaka zapitazo nditapaka okala ya munthu wina mtundu umene iye anasankha chifukwa penti yake inali yotsika mtengo. Pasanathe mwezi anabwera akudandaula kuti anthu ena a m'mudzimo asiya kugula, akuti okalayo ndi ya chipani. Tinapakanso. Sindikunena kuti mitundu yonseyi ndi yoletsedwa, pakuti mukatero simutsala ndi kanthu. Ndikunena kuti mtundu wa chipani usakhale wokuta khoma lonse kapena malaya onse a ogulitsa anu.

Sankhani mitundu iwiri yokha, umodzi wakuda bii, wina wowala, ndipo yonse ikhale yopezeka m'chitini mu hadiweya ya wamba popanda kusakaniza. Mtundu wosakaniza subwereka kawiri, khoma la ku Thondwe lidzasiyana ndi la ku Songani. Kumbukirani dzuwa ndi fumbi. Wofiira ndi umene umafulumira kufwifwa padzuwa, ndipo khoma loyera mbee la m'mbali mwa msewu wafumbi limakhala lofiirira pofika mwezi wa Okutobala. Alamu tinawasankhira bulawuni wakuda ngati khofi pa kirimu. Mitundu iyi si ya chipani chilichonse, fumbi silionekerapo msanga, ndipo inki ya mitundu ikasowa, kusindikiza ndi yakuda pa pepala loyera sikusintha maonekedwe kwenikweni.

Chenjezo limodzi kwa amene akukonzetsa pa kompyuta: mtundu wa pa galasi la foni ndi wowala kuposa umene umatuluka pa pepala, chifukwa foni imaunikira kuchokera kumbuyo pamene pepala limadalira inki. Musavomereze ntchito poyang'ana pa foni. Uzani wosindikiza atulutse pepala limodzi, mulitengere panja padzuwa, kenako mulowe nalo mu okala yamdima momwe katunduyo adzakhale atapachikidwa pa chingwe kuseri kwa waya.

Zilembo ndi chiyankhulo

Zilembo zikhale zonenepa, zosalumikizana, zopanda michira. Zilembo zopotana ngati za pa khadi la ukwati zimavuta munthu amene anasiyira sukulu ku pulayimale, komanso sizioneka patali. Poyeza kukula, ine ndimawerengera pafupifupi sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo pa mita iliyonse ya mtunda umene munthu aimirire. Khoma la alamu lili mamita 20 kuchokera pamsewu, choncho zilembo za dzina ndinazipanga masentimita 20, ndipo mthiko ndinaupanga wotalika mita yathunthu. Ngati owerenga akudutsa pa minibasi mumsewu wa M3, kulitsaninso ndipo chepetsani mawu. Pakhoma pakhale zinthu zinayi basi: chithunzi, dzina, mzere umodzi wonena chimene mukugulitsa, ndi nambala ya foni. Nambalayo ilembeni m'magulu a manambala atatu kapena anayi kuti munthu aigwire akudutsa.

Pa chiyankhulo anthu amada nkhawa kuti dzina la Chichewa lidzaoneka lotsika mtauni. Zimene ndaona ine n'zakuti wa mtauni saweruza chiyankhulo cha dzina, amaweruza ukhondo wa paketi: ngati kapepala kamatidwa mowongoka, ngati pulasitiki yatsekedwa bwino, ngati tsiku lothera ntchito likuwerengeka. Choncho kutsogolo kwa paketi tinaika dzina ndi mzere wa Chichewa wakuti "Ufa wa phala wa soya, chimanga ndi nsinjiro". Kumbuyo kwa paketi yaikulu tinalemba m'ziyankhulo ziwiri zimene zasakanizidwamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya mgayo, pakuti izi ndi zimene a bungwe loona za miyezo la MBS amayang'ana pa zakudya za m'mapaketi. Kaphikidwe tinakaonetsa ndi tizithunzi titatu: masupuni, makapu a madzi, ndi poto pamoto.

Chizindikiro cha MBS musachiike pa paketi musanapatsidwe satifiketi yawo. Chimodzimodzi chizindikiro cha halali, sichijambulidwa ndi munthu payekha, chimaperekedwa ndi oyenera atayendera malo anu. Ndipo musalembe kuti ufa wanu umachiza matenda.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kwa ogulitsa pawiri ndi kupanga nkhope ziwiri, paketi yokongola ya mtauni ndi kapepala kosasamalika ka kumudzi. Anthu a kumudzi amabwera mtauni, a mtauni amapita kumudzi kumaliro ndi kukaona makolo, ndipo akaona kusiyanako amaganiza kuti kakang'onoko ndi kachinyengo kapena ndi ufa wotsalira. Chimene chisinthe ndi kukula kwa paketi ndi kuchuluka kwa mawu a kumbuyo. Chithunzi, dzina, mitundu ndi malo ake pa paketi zikhale chimodzimodzi.

Sindikizani pang'ono, muone, kenako mukhomerere

Ulendo woyamba sindikizani timapepala tochepa, 50 ta paketi yaikulu ndi 200 ta kakang'ono n'tokwanira. Tumizani katundu m'maokala asanu a kumudzi ndi magolosale awiri a mtauni. Pakatha sabata zitatu pitani nokha mukakhale pa benchi pafupi ndi okala kwa ola limodzi, osadziulula, muzimvetsera mmene anthu akuitanitsira. Alamu anachita zimenezi ku Mayaka. Kamtsikana kena kanafika kakuthamanga, ndalama ili m'manja, n'kunena kuti, "Akuti mundipatse Nthiko awiri." Kumeneko kunali kupambana kwa dzina. Koma anapezanso vuto: timapepala tina tinali titachita mawanga, chifukwa tinasindikizidwa ndi makina a inki yamadzi ndipo manja onyowa a ogulitsa anasungunula zilembo. Ulendo wachiwiri tinasindikiza ndi makina a inki yaufa, ya mtundu wa fotokope, n'kuika kapepalako mkati mwa pulasitiki yachiwiri m'malo momata kunja.

Mukakhutira, pangani zinthu zitatu zoti chizindikiro chisamasinthe. Choyamba ndi mafayilo. Amene wakujambulirani pa kompyuta akupatseni fayilo ya SVG kapena PDF imene imakula popanda kuphwanyika, ndi ya PNG yopanda mtundu kumbuyo. Muzisunge pa imelo yanu, osati pa foni yokha, ndipo mugwirizane polemba kuti chizindikirocho ndi chanu mukamaliza kulipira. Chithunzi chotumizirana pa WhatsApp chimachepetsedwa, mukachikulitsa pa chinsalu chimatuluka chosaoneka bwino. Chachiwiri ndi chikombole cha pakhoma. Ine ndimadula mthiko ndi zilembo pa pulasitiki yolimba kapena pa katoni yochindikala, m'misinkhu iwiri, kuti aliyense wopaka khoma la okala angogoneka n'kupaka. Chachitatu ndi pepala limodzi lokhala ndi chizindikiro chonse, dzina la penti iliyonse monga lalembedwera pa chitini, kadontho ka penti yeniyeniyo pambali pake, dzina la zilembo, ndi mzere wonena zosaloledwa: osatambasula chithunzi, osasintha mtundu, osawonjezera maluwa.

Pepala limeneli lichititseni fotokope kangapo n'kuliika m'mapulasitiki. Limodzi likhale kwa wosindikiza, lina kwa telala wosoka maepuloni, lina liziyenda ndi wopaka makoma. Mwini okala akakulolani kupaka khoma lake, gwirizanani kaye kuti dzina la okala yake likhala pamwamba, lanu pansi, ndipo mudzabwera kudzapakanso mvula ikatha. Pakani khoma louma, loyamba lapakidwa penti yoyambira, ndipo pakati pa utoto woyamba ndi wachiwiri dikirani tsiku lathunthu.